Kuyeza thanzi la munda wa mbewu ndi kuwala kuwiri: NDVI ndi misampha yake

Mlimi wa mbewu ya chimanga cha haibulidi amaudziwa munda wake kuyambira m'mphepete. Chimanga chikapitirira m'chiuno, maso athu amafika mizere yochepa chabe, ndipo zomwe zikuchitika m'katikati mwa mahekitala 20 timazidziwa tikalowamo ndi mapazi, kapena tsiku lokolola pamene zonse zatha. Pa chifukwa ichi ambiri a ife tayamba kuyang'ana mapu obiriwira ndi ofiira ochokera ku setilaiti, omwe masiku ano amafika ngakhale pa foni. Vuto n'lakuti mapu aja amakhulupiriridwa msanga. Wina amaona kadera kofiira, n'kuthamangira kukagula feteleza, pomwe wodwala si chimanga koma kawerengedwe. M'nkhani ino tikufuna kuŵerengera limodzi nambala yomwe ili pansi pa mitundu ija, yotchedwa NDVI, kuti tidziwe chomwe imanena ndi chomwe singanene.

Tiyambe ndi tsamba lenileni. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi magawo ambiri, ndipo diso la munthu limaona ochepa okha, kuyambira pa mananomita 400 kufika pafupifupi 700. Chakumapeto kwa magawo oonekawo kuli kuwala kofiira. Tsamba lamoyo limamwa kuwala kofiira pafupifupi konse, chifukwa msipu wobiriwira wa m'tsamba umakugwiritsa ntchito popanga chakudya cha mmera. Kungodutsa pang'ono malire a diso kuli gawo lina lomwe sitiliona, lomwe pa kompyuta limalembedwa NIR; m'nkhani ino tizilitcha kuwala kobisika. Kuwala kumeneku tsamba silikufuna. Kukalowa m'kati mwa tsamba kumagunda timphako ta mpweya tomwe tili pakati pa minofu yake, n'kubwerera kunja kochuluka. Choncho munda wa masamba ambiri athanzi, ukayang'anidwa kuchokera kumwamba, umaoneka wakuda m'kuwala kofiira koma wowala kwambiri m'kuwala kobisika. Dothi lopanda kanthu silisiyanitsa motero: limabweza magawo onse awiri mosapitirirana kwenikweni. Masamba akachita chikasu, akauma, akadyedwa kapena akachepa, kuwala kofiira kobwerera kumwamba kumachuluka, kobisika kumachepa, ndipo mpata wa pakati pawo umaphwa. NDVI ndi muyezo wa mpata umenewo basi.

```
NDVI = (NIR - Red) / (NIR + Red)
```

Wina angafunse chifukwa chomwe timagawira, m'malo mongochotsera. Yankho lili pa dzuwa. Malo otsetsereka oyang'ana kum'mawa amawala kuposa oyang'ana kumadzulo, ndipo dzuwa la mu Juni silikwera ngati la mu Disembala. Kuwala kukachuluka, magawo onse awiri amakwera limodzi, ndipo kusiyana kwawo kumakweranso ngakhale mmera sunasinthe. Tikagawa kusiyanako ndi kuphatikiza kwa magawo awiriwo, kusintha kochokera ku dzuwa kumafafanizika kwakukulu, ndipo yankho limakhala nthawi zonse pakati pa -1 ndi +1. Njira imeneyi si yatsopano. Inayamba kugwiritsidwa ntchito m'ma 1973 ndi akatswiri a ku yunivesite ya Texas A&M, motsogozedwa ndi John Rouse, poyeza msipu wa m'zigwa zazikulu za ku Amereka pa zithunzi za setilaiti yoyamba ya Landsat, yomwe inaulutsidwa mu 1972. Chomwe chasintha ndi chakuti zithunzi zake tsopano n'zaulere ndipo zimaona minda yaing'ono.

Komwe manambala amachokera

Kwa ife a kuno kum'mwera ndi pakati pa Afirika, gwero lothandiza kwambiri ndi Sentinel-2, masetilaiti a mayiko a ku Ulaya. Woyamba anaulutsidwa mu 2015, wachiwiri mu 2017, ndipo malo alionse amajambulidwa pafupifupi masiku asanu alionse. Kuwala kofiira kuli m'gawo lotchedwa B04, cha pa mananomita 665, ndipo kobisika kuli mu B08, cha pa 842. M'magawo awiriwa kabokosi kamodzi ka chithunzi kamaimira malo a mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi. Ndiye kuti hekitala imodzi ili ndi timabokosi 100, ndipo nambala imeneyi tiisunge chifukwa idzatithandiza kusandutsa mtundu wa pa mapu kukhala mahekitala. Palinso Landsat 8 ndi Landsat 9 a ku Amereka, omwe kabokosi kawo ndi ka mamita 30. Pamenepo pali kamsampha: pa masetilaiti awiriwa kofiira ndi gawo 4 koma kobisika ndi gawo 5, osati 8. Gawo 8 la Landsat 8 ndi chinthu china, ndipo wotengera manambala a Sentinel-2 kupita nawo uko amapeza mapu okongola opanda tanthauzo.

Zithunzi za Sentinel-2 zimapezeka pa Copernicus Browser, ndipo zimabwera m'mitundu iwiri. L1C ndi kuwala monga kwafikira pa setilaiti, kutadutsa m'fumbi, m'chinyezi ndi mu utsi. L2A ndi chithunzi chomwe achikonza kuti chionetse kuwala monga kunachokera pansi. Ife timatenga L2A nthawi zonse. Aliyense amene waona thambo la mu Ogasiti mpaka Okutobala, pamene tchire likupsa kuchokera ku Zambia mpaka ku Mozambiki, akudziwa kuti mpweya wathu si woyera. Utsi umawonjezera kuwala kofiira kofika kumwamba, ndipo munda wothiriridwa bwino umaoneka ngati ukudwala.

Chitsanzo, ndi chikwi chimodzi chomwe chimasokoneza ambiri

Tiyerekeze munda wa mbewu wa mamita 500 m'litali ndi 400 m'lifupi, ndiye kuti mahekitala 20, wobzalidwa m'mizere yotalikirana masentimita 75, mizere isanu ndi umodzi yaikazi pa mizere iwiri yaimuna. Papita masabata asanu ndi awiri chibzalire. Tatsitsa chithunzi cha L2A, ndipo m'kati mwake tapeza mafayilo awiri omwe mayina awo amathera ndi `_B04_10m.jp2` ndi `_B08_10m.jp2`. Tawatsegula mu QGIS, pulogalamu yaulere ya mapu, n'kudina pa kabokosi kamodzi ka pakati pa munda. B04 ikuti 1450, B08 ikuti 4800.

Manambala awa si kuwala kwenikweni. Ndi manambala osungira, ndipo ayenera kumasuliridwa. Kale kunali kokwanira kuwagawa ndi 10000. Koma kuyambira pa 25 Januwale 2022 okonza zithunzi za Sentinel-2 anayamba kuwonjezera 1000 pa nambala iliyonse, kuti malo akuda kwambiri asamadulidwe pa ziro. Choncho tiyenera kuyamba tachotsa 1000, kenaka n'kugawa ndi 10000. Kofiira kakhala 0.045, kutanthauza kuti pa kuwala kofiira kofika pamalopo, kobwerera sikukwana magawo asanu pa 100. Kobisika kakhala 0.38. Kusiyana kwawo ndi 0.335, kuphatikiza kwawo ndi 0.425, ndipo tikagawa tikupeza 0.79. Ichi ndi chimanga chomwe chatseka mizere bwino.

Tsopano tione zomwe zikanachitika tikanaiwala chikwi chija. Pamwamba palibe chosintha, popeza 1000 wa mbali imodzi amafafaniza 1000 wa mbali inayo: 4800 kuchotsa 1450 ndi 3350. Pansi ndiye pali vuto, chifukwa 4800 kuphatikiza 1450 ndi 6250, pomwe nambala yoona ndi 4250. Yankho likanakhala 0.54. Munda womwewo, tsiku lomwelo, watsika kuchoka pa 0.79 kufika pa 0.54 popanda tsamba limodzi lofota. Munthu woyerekeza chithunzi chotere ndi cha zaka zam'mbuyo angalumbire kuti nthaka yake yaguga. Mu Raster Calculator ya QGIS, ngati mafayilo tawatcha mayina afupi, kukonza kwake n'kophweka:

```
("B08@1" - "B04@1") / ("B08@1" + "B04@1" - 2000)
```

Tingadziwe bwanji ngati chikwicho chilimo? Tisadalire tsiku lojambulira lokha, chifukwa zithunzi zakale zinakonzedwanso ndipo nazonso tsopano zingakhale nacho. Tiyang'ane dzina la chikwatu chonse chomwe tatsitsa: muli kachidutswa koyamba ndi N kotsatiridwa ndi manambala anayi. Ngati ndi `N0400` kapena kuposa, chikwicho chilimo. Mu fayilo ya `MTD_MSIL2A.xml` mulinso mzere wa `BOA_ADD_OFFSET` womwe umanena -1000. Komano pali njira zina zotengera zithunzi zomwe zimachotseratu chikwicho zisanatipatse, ndipo pamenepo kuchotsanso 2000 n'kulakwitsa mbali inayo. Kuyesa kwachidule komwe sikunama ndi uku: tidine pa damu kapena pa nyanja ya madzi oyera ndi akuya. Madzi amamwa kuwala kobisika pafupifupi konse, motero B08 iyenera kukhala yaing'ono kwambiri. Tikaona ikuposa 1000 pang'ono, chikwicho chikadalimo. Tikaona mazana ochepa kapena kucheperapo, chachotsedwa kale.

Tibwerere m'munda wathu. Kum'mwera kwake tadina kabokosi kena: B04 ikuti 1900, B08 ikuti 3600. Tikamasulira, kofiira ndi 0.09, kobisika ndi 0.26, ndipo 0.17 kugawa ndi 0.35 ndi 0.49. Pa msewu wa dothi lofiira wa m'mbali mwa munda tikupeza kofiira 0.18 ndi kobisika 0.25, zomwe zikupereka 0.16. Manambala atatu awa akutipatsa ndodo yoyezera ya munda uno pa tsiku lino: dothi lokha 0.16, chimanga chodzaza 0.79, ndi malo okayikitsa omwe aima pakati.

Mitambo

Tisanapitirire, tinene za mdani wamkulu wa ntchito imeneyi kuno kwathu. Mbewu yambiri ya mvula imakula pakati pa Disembala ndi Malichi, ndipo imeneyi ndiyo miyezi ya mitambo. Setilaiti ingadutse kasanu ndi kamodzi pa mwezi koma zithunzi zogwira ntchito zikhale chimodzi kapena ziwiri, nthawi zina osapezeka n'chimodzi chomwe. Mtambo waukulu suvuta, chifukwa umaoneka. Zoopsa ndi kamtambo kopyapyala ka m'mwambamwamba ndi mthunzi wa mtambo womwe uli kutali ndi munda. Kamtambo kopyapyala kamatsitsa NDVI mofewa, m'maonekedwe ofanana ndi chilala. M'chikwatu cha L2A muli fayilo ya SCL yomwe imapatsa kabokosi kalikonse nambala ya mtundu wake: 3 ndi mthunzi wa mtambo, 8 ndi 9 ndi mitambo, 10 ndi mtambo wopyapyala, 4 ndi zomera, 5 ndi malo opanda zomera. Timasunga 4 ndi 5 pokha. Komabe SCL imaphonya, makamaka m'mphepete mwa mitambo, motero chizolowezi chathu n'chakuti tisanakhulupirire mapu a NDVI timayamba tayang'ana chithunzi cha tsikulo m'mitundu yachibadwa. Kadera kotsika komwe kasowa pa chithunzi chotsatira, n'kukaonekera pena, sikanali m'nthaka.

Kuchoka pa kabokosi kufika pa mapu

Tikawerengera munda wonse, QGIS imatipatsa chithunzi chotuwa chomwe tiyenera kuchipaka mitundu, ndipo apa ambiri amadzinyenga. Pulogalamu ikasiyidwa yokha imatenga nambala yotsikitsitsa n'kuipaka kufiira, yokwereratu n'kuipaka kubiriwira. Munda womwe manambala ake onse ali pakati pa 0.76 ndi 0.81, munda wabwino ndithu, udzaoneka wa mawangamawanga ngati wogwidwa ndi matenda. Tiziika tokha malire a mitundu, mwachitsanzo kuyambira 0.2 kufika 0.9, ndipo malire omwewo tiziwagwiritsa ntchito pa zithunzi zonse za nyengoyo.

Chachiwiri, timadula m'mphepete. Kabokosi ka pa malire a munda kamasakaniza chimanga ndi msewu, udzu kapena mitengo. Tikachotsa mamita 10 mbali zonse, munda wathu utsala mamita 480 ndi 380, ndiye kuti timabokosi 1824.

Funso lotsatira ndi lakuti nambala yoipa imayambira pati. Sitikhulupirira matebulo omwe amati 0.6 ndi thanzi, 0.4 ndi matenda, ngati kuti mbewu zonse n'zofanana. Makolo a haibulidi, makamaka mitundu yoyeretsedwa podzipatsa mungu wokha kwa mibadwo yambiri, amakhala aafupi ndi amasamba ochepa, ndipo sangafike pa nambala ya chimanga chodya cha mnansi ngakhale atadya ndi kumwa mokwanira. Munda uyenera kuyezedwa ndi iwo wokha. Timatenga nambala ya pakati, yomwe timaipeza tikandanditsa timabokosi tonse kuyambira kotsika kufika kokwera n'kusankha ka pakatikati. Chida cha Zonal Statistics chimaipereka pa dzina lakuti `median`. Timaikonda kuposa avereji chifukwa kadera kamodzi koipa kwambiri sikaikokera pansi. Tinene kuti m'munda wathu nambala ya pakati ndi 0.76. Tikasankha kuti kabokosi kalikonse kotsika ndi 0.10 kapena kuposa kachongedwe, malire akhala 0.66. Tawerenga, tapeza timabokosi 170. Tikagawa ndi 100, ndi mahekitala 1.7, pafupifupi magawo 9 pa 100 a munda. Malire a 0.10 si lamulo la chilengedwe. Ndi chisankho cha ntchito. Tikawachepetsa tidzayenda maulendo ambiri opanda pake, tikawakulitsa tidzaphonya vuto likadali laling'ono.

Timabokosi 170 tomwazikana m'munda wonse kamodzikamodzi sitikunena zambiri. Tikakhala pamodzi, maonekedwe ake ndiwo amayamba kulankhula, ndipo pano ndi pomwe kudziwa munda kumaposa kudziwa kompyuta. Chilengedwe sichijambula mizere yowongoka. Mzere wowongoka wotsata kabzalidwe umaloza kwa ife eni: makina obzalira omwe anadumpha, chothirira feteleza chomwe chinatseka mbali imodzi, kapena gulu la aganyu lomwe linathira mopereŵera tsiku lina. M'munda wa makina othirira ozungulira, mphete yozungulira pakati imaloza kampopi kotsekeka, pomwe chidutswa chooneka ngati mphero chimaloza nthawi yomwe makina anaima, mwina magetsi atazima. Kadera kokhotakhota kotsata kutsetsereka kwa malo nthawi zambiri n'ka nthaka: mchenga womwe sumasunga madzi ndi feteleza, kapena lowe la kufupi ndi dambo komwe mizu ikusowa mpweya. Timadontho tobiriwira kwambiri tobwerera pamalo omwewo chaka ndi chaka kawirikawiri timakhala pomwe panali zulu kapena khola.

M'chitsanzo chathu, tinene kuti timabokosi 170 tija taunjikana kum'mwera, m'maonekedwe a lilime lotsika kumunsi. Tikatsegula zithunzi za nyengo ziwiri zapitazo n'kupeza lilime lomwelo, tadziwa kuti vuto silinabwere ndi mbewu ya chaka chino. Chatsala n'kupita komweko ndi khasu. Tikapeza masamba a m'munsi achita chikasu kuyambira ku nsonga kutsata mtsempha wa pakati, ndi njala ya nayitirojeni. Koma tikumbe kaye, chifukwa chikasu chomwecho chimabwera pa mchenga wosukuluka ndi mvula komanso pa nthaka yomira m'madzi. Pa mchenga, feteleza wobereketsa wogawidwa kawiri angathandize. Pa lowe, kuthira feteleza madzi asanachoke n'kutaya ndalama, ndipo chofunika ndi ngalande. Setilaiti inaona 0.49 m'malo onse awiri.

Zomwe zimachitika m'munda wa mbewu mokha

Pali zinthu ziwiri zomwe mlimi wa chimanga chodya sakumana nazo, koma ife timazichita dala, ndipo zonse zimatsitsa NDVI. Choyamba ndi kuchotsa ngayaye pa mizere yaikazi. Ochotsa akamazula ngayaye pamodzi ndi tsamba limodzi kapena awiri a pamwamba, denga la munda limasintha, ndipo nambala ingatsike pang'ono m'zigawo zomwe gulu ladutsamo. Chachiwiri n'chachikulu: kudula mizere yaimuna mungu ukatha. Kabokosi ka mamita 10 kamakwirira mizere pafupifupi 13, choncho setilaiti siona mzere waumuna paokha, imaona chisakanizo. Pa kabzalidwe ka mizere isanu ndi umodzi pa iwiri, gawo limodzi mwa magawo anayi a munda limachotsedwa. Tiwerengere mongoyerekeza, titenge magawo atatu a chimanga chija ndi gawo limodzi la dothi lija. Kofiira kakhala pafupifupi 0.079, kobisika 0.348, ndipo NDVI ifika 0.63. M'munda weniweni kutsikako kungachepe, popeza masamba a mizere yoyandikana amaphimbako mpata ndipo mapesi odulidwa amakhala obiriwira masiku angapo. Komabe mfundo ndi yomveka: kutsika kwa munda wonse kuchoka pa 0.79 kupita cha ku 0.65 m'sabata yodula mizere yaimuna si chilala. Amene amayang'anira minda ya alimi ambiri ali mu ofesi ayenera kukhala ndi masiku obzalira, ochotsera ngayaye ndi odulira mizere yaimuna pambali pa mapu ake. Kutsika komweko kungakhalenso mthandizi, chifukwa munda womwe sunatsike pamene anzake obzalidwa tsiku limodzi atsika ndi woyenera kuuyendera, mwina mizere yaimuna ikadali chiimire.

Pomwe NDVI imachedwa kapena kunama

Malire ake oopsa kwambiri kwa ife ali pa nthawi ya maluwa. Munda ukatseka, masamba a pamwamba amakhala atamwa kale kuwala kofiira pafupifupi konse, ndipo kuwonjezera masamba ena sikusintha zambiri. Cha pa 0.8 kupita m'mwamba NDVI imakhuta: munda wabwino ndi munda wabwino kwambiri amaoneka chimodzimodzi, ndipo munda ungataye masamba ambiri a m'munsi nambala isanagwedezeke. Nthawi yomwe imasiyanitsa bwino ndi kuyambira chimanga chili m'mawondo kufika chisanamasule. Chikatseka, ena amasintha n'kugwiritsa ntchito B05 m'malo mwa B04. Gawo limeneli, la pa mananomita 705, lili pa malire a kofiira ndi kobisika, ndipo silikhuta msanga. Mtengo wake ndi wakuti timabokosi take ndi ta mamita 20.

Pa ludzu, NDVI imabwera m'mbuyo mwa vuto. Mmera ukayamba kusowa madzi umatseka timabowo ta m'masamba, tsamba limatentha, kenaka limapinda masana, koma likadali lobiriwira. Sentinel-2 imadutsa cha m'ma 10:30 m'mawa, nthawi yomwe chimanga chofota masana chimakhala chikadali chotambasuka ndi chinyezi cha usiku. Tikudziwa tonse kuti ludzu la masiku ochepa pa nthawi yomasula limachedwetsa ndevu za chimanga chachikazi pomwe chachimuna chikutaya mungu, ndipo zikaphonyana chisononkho chimakhala cha njere zowerengeka. Zimenezi zingachitike mapu ali obiriwira. Ng'amba yaitali ngati ya mu Febuluwale 2024, yomwe inachititsa Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi, imaoneka bwino pa NDVI, koma imaoneka masamba atayamba kale kuuma. Mapu otere amathandiza kuwerengera kukula kwa chiwonongeko ndi kudziwa minda yomwe ingapulumuke. Pa funso la tsiku lothirira, dzanja m'dothi kapena choyezera chinyezi chimayankha msanga.

Ndipo kubiriwira kulibe dzina. Munda wosapalira umakwera NDVI kuposa wopalira, ndipo m'masabata oyambirira chithunzi chotengedwa mawa lake la kupalira chimaonetsa kutsika. Kaufiti amayamwa mizu ya chimanga asanatuluke pamwamba, motero mapu amangoonetsa kupinimbira kofanana ndi njala. Mbozi za ntchemberezandonda zimabisala m'kati mwa nsonga, ndipo kuti kudya kwake kuoneke pa kabokosi ka mamita 10 zimakhala zitakula kale, nthawi yabwino yopopera itadutsa. Chimanga chachilendo chomera pakati pa mbewu, chomwe chingalepheretse munda kuvomerezedwa, sichioneka n'komwe. Ntchito ya woyendera minda ya mbewu ikadali ya mapazi. Chomwe mapu amachita n'kumuuza koyambira.

Kwa ogulitsa zipangizo za ulimi, nkhaniyi imafika pa kauntala m'njira ina. Kasitomala amabwera ndi foni, n'kuonetsa kufiira pa munda wake wa ekala imodzi, n'kupempha thumba la yureya. Ekala imodzi ndi timabokosi pafupifupi 40, ndipo tikachotsa ta m'mphepete titsala ndi osakwana 20. M'munda wotere mungakhale maungu ndi nyemba pansi pa chimanga, mtengo wa mango womwe ndi wobiriwira chaka chonse, kapena nsangu yomwe imayoyola masamba nthawi ya mvula n'kuphukira m'chilimwe. Asanatulutse thumba, wogulitsa afunse tsiku lomwe chithunzicho chinajambulidwa, ngati kunali mitambo, ngati mlimi anali atangopalira, ndipo apemphe kuti abwere ndi mmera umodzi wozulidwa ndi mizu yake kuchokera pamalo ofiirawo, ndi wina wochokera pamalo obiriwira. Chimodzimodzi pa dandaulo lakuti mbewu sinamere. Zithunzi za sabata yachinayi kapena yachisanu zingaonetse ngati kupereŵera kwafalikira munda wonse kapena kwatsata chigwa chimodzi, ndipo zingayerekezedwe ndi minda ina yobzalidwa mbewu ya gulu lomwelo la mapaketi. M'masabata awiri oyambirira sizithandiza, chifukwa timbewu tating'ono sitinaphimbe dothi, ndipo nambala ya 0.2 yomwe tikuiona ndi ya katondo kapena makande, youma kapena yonyowa, osati ya mmera.